Mmene mungavalire ndi kukhalira pokacheza ku mzikiti, ku tchalitchi cha ena ndi ku malo a mizimu ku Mulanje ndi Thyolo

Alendo akabwera kwathu kuno amafuna kuona minda ya tiyi, mathithi ndi phiri. Koma ulendo sutha asanaime pa malo ena opatulika. Wina akufuna kuona mkati mwa mzikiti umene wamva azana yake, kuitanira anthu ku mapemphero kuja, m'bandakucha, wina akufuna kukafika ku Malamulo kumene agogo ake anaphunzira, wina Dziwe la Nkhalamba. Ndaperekeza abale ndi magulu a achinyamata a kumpingo kambirimbiri, ndipo chimene chimatichititsa manyazi si kuipa mtima ayi. Munthu yemweyo amene sangalowe pakhomo pa mnzake asanaodire, akafika pa nyumba yopemphereramo ya chipembedzo china amangokankha chitseko, foni ili m'mwamba, ngati walowa m'sitolo.

Ine ndimapemphera ku CCAP, koma ndinakulira pakati pa Asilamu, ndipo zambiri ndalemba panozi anandiphunzitsa ndi iwo. Ndichedwa kwambiri pa mzikiti chifukwa ndi pamene ambirife timalakwitsa zinthu osadziwa n'komwe kuti talakwa.

## Zoti mutenge

- Zitenje ziwiri za mamita awiriawiri kwa mayi aliyense, chimodzi chomanga m'chiuno, china chofunda. Zikhale za maluwa wamba. Nsalu ya chipani, ya mpingo, kapena yokhala ndi nkhope ya munthu ndi mavesi isiyeni kunyumba.
- Duku kapena mpango waukulu woti ubise tsitsi lonse ndi khosi, ndi kaphini kogwirira.
- Bulauzi ya manja aatali, yosaonekera mkati.
- Kwa abambo, buluku lalitali lomasuka ndi malaya okhala ndi manja. Kabudula wokwerera phiri akhale m'chikwama.
- Nsapato zosavuta kuvula, masokosi oyera bwino osabooka, ndi ena apadera ngati ndi nyengo ya chiperoni kapena ya mvula.
- Kachikwama koikamo nsapato.
- Ndalama zing'onozing'ono za chopereka, zosinthiratu.

## 1. Sankhani tsiku ndi nthawi musanaganize za zovala

Kuno masiku opatulika ndi atatu motsatizana. Lachisanu masana ndi la Asilamu, pamene amasonkhana pa pemphero lawo lalikulu, swala ya Juma. Kuyambira dzuwa likalowa Lachisanu mpaka litalowanso Loweruka ndi Sabata la a Adiventi, amene ku Thyolo ndi ambiri. Lamulungu ndi la Akatolika, a CCAP ndi mipingo ina. Ndiye yambani mwadzifunsa: ndikufuna kukaona nyumbayo, kapena ndikufuna kukakhala nawo pa mapemphero? Ndi maulendo awiri osiyana.

Ngati mukufuna kungoona mzikiti, kufunsa mafunso ndi kuyendayenda mkati, pitani pakati pa sabata m'mawa, cha m'ma 9 kapena 10 koloko. Asilamu amaswali kasanu pa tsiku: m'bandakucha, masana dzuwa likangopendeka, chakumadzulo, dzuwa litangolowa, ndi usiku. Mpata waukulu wopanda swala uli pakati pa kutuluka kwa dzuwa ndi masana. Vuto lake n'loti nthawi imeneyo mizikiti yaing'ono imakhala yotseka, n'chifukwa chake sitepe yachiwiri ili yofunika.

Chenjezo: musangotulukira Lachisanu cha m'ma 12 koloko musanapangane ndi munthu. Nthawi imeneyo mzikiti umadzaza mpaka pakhonde, aliyense akuthamangira kukasamba kumpopi, ndipo palibe amene ali ndi mpata wokulongosolerani kanthu. Funsaninso ngati si mwezi wa Ramadhani, chifukwa mweziwu umasuntha chaka ndi chaka. Ukakhala womwewo, musadye, kumwa kapena kutafuna chingamu pabwalo la mzikiti dzuwa lisanalowe.

## 2. Pezani mwini malo, muodire

Malo aliwonse opatulika ali ndi mwini wake. Pa mzikiti ndi shehe kapena imamu, ndipo akakhala kulibe pamakhala mwazini, amene amaitana azana ndipo nthawi zambiri ndiye amasunga makiyi. Pa tchalitchi ndi abusa, bambo mfumu, mkulu wa mpingo kapena katekisiti. Ku manda ndi ku malo othirira nsembe ndi amfumu a m'mudzimo. Mlonda wapachipata angakulozereni njira, koma chilolezo si chake.

Njira yosavuta ndi kudzera mwa munthu amene amapemphera pomwepo. Mneba, wogulitsa pa golosale pafupi ndi mzikiti, ngakhale wa kabaza amene wakunyamulani. Mukafika kwa mwini malo, perekani moni mokwanira, musathamangire pempho. Kenako nenani zinthu zinayi: ndinu ndani, muli angati, amayi alipo angati, ndipo mukufuna chiyani. Ine ndimanena motere:

"A Shehe, tabwera ndi alamu anga ochokera ku Lilongwe ndi mwana wawo wamkazi. Tonse ndife Akhristu. Tikupempha, ngati n'kotheka, tidzakhale kumbuyo pa swala ya Juma mawa, tingoonerera. Mutiuze poti tikhale ndi zoti tipewe."

Musabise kuti si inu Asilamu. Mukabisa, anthu adzakukokerani pamzere wa swala, ndipo mudzasokonezeka pamaso pa onse. Mukanena zoona amakupatsani munthu wokhala nanu pafupi.

Yankho likhoza kukhala ayi. Mizikiti ina salola amene si Msilamu kulowa m'chipinda choswaliramo, ina ilibe mbali ya amayi. Mukakanizidwa thokozani, mupemphe ngati mungaone kunja kokha. Musayambe kunena kuti ku mzikiti wakutiwakuti anakulolani, chifukwa mzikiti uliwonse uli ndi akuluakulu ake.

## 3. Valani musananyamuke kunyumba

Ambiri amafika atavala za kuphiri, kenako n'kuyamba kumangirira chitenje pakhomo penipeni anthu akuwayang'ana. Pamenepo mwachedwa kale, chifukwa bwalo nalonso ndi gawo la malo opatulikawo. Valani kunyumba, kapena mukangotsika minibasi, musanalowe pachipata.

Kwa amayi ku mzikiti, zooneka zikhale nkhope ndi manja kuyambira m'mfundo za dzanja basi. Chitenje chifike m'kakolo. Duku wa kutchalitchi, womangira kumbuyo n'kusiya khosi ndi makutu pamtunda, ndi wosakwanira. Ikani mpango pamutu, mbali imodzi ikhale yaitali, muizungulize pansi pa chibwano n'kuiponya paphewa, mugwire ndi kaphini. Ngati mwaluka tsitsi lalitali lofika kumsana, lipindeni kaye, apo ayi lidzatulukira pansi pa mpango.

Yesani chovalacho musanachoke. Khalani pansi pa mkeka, mupinde miyendo, mudzukenso, kenako muwerame ngati mukuvula nsapato. Ku mzikiti kulibe mabenchi, mudzakhala pansi nthawi yonse. Siketi yooneka yaitali mutaimirira imakwera mukakhala, ndipo chitenje chomanga ndi mfundo imodzi chimamasuka podzuka. Abambo nawonso ayese zomwezi. Lamulo la Chisilamu limati mwamuna abise kuyambira pamchombo mpaka m'maondo, ndipo jinzi yothina yokhala m'munsi mwa chiuno imasiya msana pamtunda munthu akawerama. Malaya akhale otalika. Kofia si yokakamiza kwa mlendo.

Chenjezo: fungo ndi gawo la kavalidwe. Anthu amakhala mothithikana, phewa ndi phewa. Amene wamwa mowa, ngakhale botolo limodzi, asapite. Fodya, adyo ndi anyezi wosaphika muzipewe m'mawa umenewo.

## 4. Pakhomo pa mzikiti

Yang'anani pamene nsapato za ena zathera, pamenepo ndiye malire. Nthawi zambiri ndi pa sitepe ya khonde. Vulani nsapato yoyamba, phazilo liponde pakhonde, kenako yachiwiri. Cholakwika chofala ndi kuvula nsapato zonse patali, n'kuyenda ndi masokosi padothi mpaka pakhomo. Mukatero mwalowetsa matope omwewo amene mumafuna kusiya kunja, ndipo pamkeka umene mukupondapo anthu amagunditsapo mphumi. Nthawi ya chiperoni, mu Juni ndi Julaye, dothi lofiira la m'minda ya tiyi limalowa mpaka m'masokosi. Sinthani masokosi, kapena tsukani mapazi pampopi muwapukute.

Pampopi pomwepo mudzaona anthu akusamba m'manja, mkamwa, kumaso, mikono ndi mapazi. Ndiye wudhu, kudziyeretsa asanaswali. Mlendo wongoonerera sayenera kuchita, ndipo si bwino kutsanzira ngati sewero. Apatseni mpata.

Amayi ali ndi khomo lawo, kawirikawiri kumbali kapena kumbuyo. Banja limasiyana pamenepa, ndiye panganiranitu pokakumana. Mayi amene ali kumwezi anong'oneze mayi mnzake wa pamzikitipo, iye adzamuuza poyenera kukhala. Nkhani imeneyi safunsa abambo.

Polowa tsogozani phazi lamanja, potuluka lamanzere. Moni wake ndi "Asalamu alaikumu", yankho "Wa alaikumu salamu", koma mukati "Muli bwanji, bambo" palibe angakhumudwe. Chofunika kusamala ndi dzanja. Ife tinazolowera kupatsa aliyense moni wa m'manja, koma Asilamu ambiri sagwirana chanza mwamuna ndi mkazi amene si pachibale. Mayi asatambasulire dzanja shehe, bambo asatambasulire dzanja mayi. Ikani dzanja pachifuwa, muweramitse mutu pang'ono. Winayo akayamba yekha kupereka dzanja, landirani ndi lamanja.

## 5. Mkati: pokhala, ndi mmene swala ya Juma imayendera

Mukalowa, onani kumene mizere ya mikeka yaloza. Asilamu amaswali atayang'ana ku Maka, ndipo kuchokera ku Mulanje ndi Thyolo kumeneko ndi kumpoto, kupendekera pang'ono chakum'mawa. Khoma la kutsogololo limakhala ndi kamphako kolowa mkati koimamo imamu. Inu khalani kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo koma osatseka njira. Pindani miyendo. Musatambasule miyendo kuloza kutsogolo kapena kuloza pamene pali mabuku. Miyendo ikachita dzanzi, sinthani mbali yopindira. Makorani a Chiarabu ali pa shelefu musawakhudze, chifukwa eni akewo amawagwira atachita wudhu. Mukafuna kuona, pemphani munthu akutsegulireni.

Tsopano ndifotokoze ulendo umene ndinapita ndi alamu anga ndi mwana wawo, pa mzikiti wina wa m'dera lathu, kuti muone mmene nthawi imayendera.

Tinafika cha m'ma 11:40, anthu asanachuluke. Mwanayo anatengedwa ndi mayi wina kupita naye mbali ya amayi, ine ndi alamu tinakhala pakona yakumbuyo ndi mnyamata amene a shehe anatipatsa. Mafoni tinazimitsiratu tili panja. Aliyense wolowa ankayamba waswali yekha mwachidule, kenako n'kukhala pansi. Azana itaitanidwa, a shehe anaimirira kutsogolo kuyamba khutuba, umene ndi ulaliki wa Lachisanu. Nthawi ya khutuba munthu salankhula, ngakhale kuuza mnzako kuti akhale chete n'kosaloledwa. Alamu anali ndi mafunso ambiri, koma ndinali nditawauziratu kuti awasunge.

Khutuba ili ndi zigawo ziwiri. Pakati pake a shehe amakhala pansi kanthawi kochepa kwambiri, kenako amaimiriranso. Mlendo akaona akhala amayesa zatha n'kuyamba kudzuka. Musadzuke. Chigawo chachiwiri chikatha ndi pamene anthu onse amaimirira n'kufola mizere yowongoka. Inu khalanibe pansi pakona panupo, koma mzere womaliza ukafika pamene muli, sunthani muwapatse malo. Swala yeniyeniyo ndi yaifupi, marakaa awiri, ndiye kuti kuimirira, kuwerama ndi kugwetsa mphumi pansi, kenako kubwerezanso zonsezo kachiwiri. Simatenga mphindi khumi. Mudzadziwa kuti yatha onse akatembenuzira nkhope kumanja kenako kumanzere, akupereka salamu.

Apa ndi pamene tinalakwa. Salamu itaperekedwa, ena anayamba kutuluka, ndipo alamu anadzuka kulunjika pakhomo. Sanaone kuti anthu ambiri anali ataimiriranso, aliyense payekha, kuswali swala zowonjezera. Anadutsa kutsogolo kwa bambo wina wachikulire amene anali ataima manja pachifuwa. Bamboyo anatambasula dzanja n'kuwatsekereza pamwendo, osalankhula, osawayang'ana. Alamu anaima njenjenje, osadziwa kuti achita chiyani, mpaka mnyamata uja anawakokera kumbuyo.

Kudutsa kutsogolo kwa munthu amene akuswali ndi cholakwa chachikulu pa zonse mlendo angachite mu mzikiti, ndipo woswaliyo amaphunzitsidwa kutsekereza wodutsayo ndi dzanja. Sikuti bamboyo anakwiya. Titatuluka anabwera yekha n'kuti, "Pepani achimwene, ndinakugwirani mwendo. Malo a pakati pa ine ndi pogwetsa mphumi sadutsapo munthu." Alamu anapepesa, anagwirana chanza, nkhani inathera pomwepo.

Ndiye swala ikatha musathamangire kutuluka. Khalani mphindi zisanu kapena khumi. Podzuka, yang'anani njira yanu yonse mpaka pakhomo. Woswali mumamuzindikira chifukwa wayang'ana kumpoto, maso ali pansi, milomo ikugwedera, ndipo sakucheukirani. Dutsani kumbuyo kwake. Ngati kumbuyo kulibe mpata, dikirani, marakaa awiri amatha pa mphindi ziwiri kapena zitatu. Ngakhale amene wakhala pansi atapinda miyendo, manja ali pamaondo, akhoza kukhala ali mkati mwa swala. Sanamalize mpaka atatembenuza nkhope mbali zonse ziwiri.

Mafunso anu funsani panja. Funsani kuti mudziwe, osati kuti mutsutse. Mlendo woyambitsa mtsutso wa Baibulo ndi Korani pakhonde la mzikiti amatsekera khomo alendo onse obwera m'mbuyo mwake. Chopereka ikani m'bokosi ngati lilipo, ndi dzanja lamanja, mosaonetsera.

## 6. Loweruka ku Malamulo, Lamulungu ku matchalitchi ena

Malamulo ili ku Makwasa, kumwera kwa boma la Thyolo, ndipo a Adiventi akhalapo kuyambira 1902. Pali chipatala, sukulu ndi tchalitchi, choncho pakati pa sabata pamakhala piringupiringu ngati tauni yaing'ono. Mukafuna kuyendera malowo ndi kujambula nyumba zakale, pitani pakati pa sabata mukayambire ku ofesi. Mukapita Loweruka, mwapita kukapemphera nawo.

Sabata limayamba dzuwa likalowa Lachisanu, ndiye kuti cha m'ma 5 koloko m'miyezi yozizira, cha m'ma 6 koloko nthawi ya dzinja. Kuyambira pamenepo wa Adiventi sagula, sagulitsa, sagwira ntchito wamba. Ngati mukugona kwa abale a mpingowu, gulani mayunitsi ndi zonse zofunika dzuwa likadali m'mwamba. Musatume mwana wa pakhomopo kugolosale Loweruka m'mawa, musachape, musatsegule mpira pa wailesi. Mwanayo sangakukanireni chifukwa ndinu mlendo, koma mwamuika pakati pa inu ndi makolo ake.

Kavalidwe n'kofanana ndi ka Lamulungu kwathu, kupatula chimodzi: ndolo, mikanda ya m'khosi ndi zibangili vulani, milomo musapake zowala. Palibe adzakubwezeni pakhomo, koma mudzakhala nokha wonyezimira m'tchalitchi chonse. M'mawa amayamba ndi Sukulu ya Sabata, pamene anthu amagawikana m'magulu kukambirana phunziro, ndipo ulaliki umabwera chakumasana. Mukaona magulu ali mbwee m'tchalitchi ndi pansi pa mitengo, musayese kuti mapemphero sanayambe, khalani pa gulu limodzi. Moni wake ndi "Sabata labwino". Kamba wonyamula asakhale wa nkhumba kapena mlamba, ndipo ngakhale Malamulo yazunguliridwa ndi minda ya tiyi, a Adiventi ambiri samwa tiyi wa masamba kapena khofi. Mphatso ya paketi ya tiyi imene ingakondweretse wina aliyense, apa siyenera.

Za Lamulungu ambiri tikuzidziwa, ndingotchula zitatu. Abambo avule chipewa pakhomo. Ku matchalitchi ambiri a kumudzi, kuphatikizapo a CCAP, abambo amakhala mbali yawo amayi mbali yawo, ndipo mabenchi ena ndi a kwaya, a Mvano kapena a akulu a mpingo, ndiye dikirani wolandira alendo akulozereni. Ku Katolika, Ukaristia ndi wa Akatolika okha okonzeka. Anthu akamafola kupita kutsogolo inu khalani pabenchi, mupinde maondo kuti adutse. Nyali yofiira ikamayaka pafupi ndi guwa, ngakhale m'tchalitchi mulibe munthu, kwa Akatolika muli Ambuye. Tsitsani mawu, ndipo musakwere masitepe a kuguwa kukafuna poima pabwino pojambulitsa.

## 7. Kuphiri ndi ku manda

Apa palibe chitseko kapena poika nsapato, n'chifukwa chake alendo amaiwala. Kwa Amang'anja, Alomwe ndi Ayao okhala m'munsi mwake, phiri la Mulanje ndi mokhala mizimu ya makolo. Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, ndipo chimene linatchula ndi chikhalidwe chimenechi.

Tengani woperekeza wa konkuno, ku Likhubula amapezeka. Musananyamuke mufunseni kuti, "Achimwene, njira imene tidutseyi ili ndi malo osafunika phokoso kapena osaloza chala?" Kenako mverani. Mayankho amasiyana mudzi ndi mudzi, ndiye musadalire zimene munamva kwa wina chaka chatha.

Pa Dziwe la Nkhalamba anthu amasambira, ndipo masiku a tchuthi pamadzaza. Koma akuluakulu amanena kuti kale pamenepa pankaoneka nkhalamba za mizimu, ndipo ena amabwerabe kudzapemphera kapena kuthira nsembe. Mukapeza anthu atagwada kapena akuimba chapansipansi, zimitsani sipika, mukhale patali mpaka amalize. Amayi amange chitenje pochoka m'madzi, abambo avale malaya, makamaka pobwerera kudutsa m'midzi. Ufa, mikanda, ndalama, kansalu kapena kamphika mukazipeza patsinde la mtengo kapena pansi pa thanthwe, musatole, musasunthe ndi phazi. Mabotolo anu mubwerere nawo. Madziwo ndi ozizira kwambiri ndipo ndi akuya, wosadziwa kusambira akhale m'mphepete.

Mudzamvanso nkhani ya chakudya chopezeka chokha m'phiri, chimene amati ukachipeza udye wekha osaitana mnzako, ndi za Sapitwa, nsonga yaitali mamita 3,002, imene dzina lake likunena lokha. Kaya mumakhulupirira kaya ayi, musaseke woperekezayo ali pomwepo, ndipo musakuwe kuitana mizimu mwachipongwe kuti anzanu aseke. Ndinaonapo woperekeza wina atakhala chete ulendo wonse wobwerera chifukwa cha zimenezi, ndipo zinandipweteka, chifukwa anali atatiuza za agogo ake enieni.

Pakati pa minda ya tiyi kapena m'mphepete mwa mudzi mukaona kankhalango ka mitengo yachilengedwe katsala kokha, kawirikawiri ndi manda. Musalowemo kukabisala dzuwa, kukataya madzi kapena kutola nkhuni. Ku manda salowa popanda chilolezo cha amfumu, ngakhale mukufuna manda a agogo anu omwe. Pitani kwa amfumu, mufotokoze, akupatseni munthu. Kulowa mwamseri ndi mlandu wa pabwalo, ndipo anthu akhoza kukuganizirani zoipa kwambiri kuposa pamenepo.

## 8. Zithunzi zibwere pomaliza

Chilolezo cholowa si chilolezo chojambula. Pemphani padera, ndipo munene ngati mukufuna kuchiika pa intaneti. Nthawi ya swala, ya Mgonero kapena ya nsembe foni ikhale m'thumba. Mbali ya amayi mu mzikiti musajambule konse. Ana a madrasa musawajambule popanda mwalimu wawo kuvomera. Nyumba yokha, mapemphero atatha, ambiri amalola ndi mtima umodzi, ndipo amakuonetsani okha poima pabwino.

## Zolakwa zimene ndimaziona kawirikawiri

Kuganiza kuti malamulo a mutu ndi amodzi paliponse. Bambo amavula chipewa m'tchalitchi, mu mzikiti kofia imaloledwa, koma mukapitirira ulendo mpaka ku Limbe n'kukalowa m'kachisi wa Asikhi, aliyense, mwamuna ndi mkazi yemwe, amafunda kumutu ndi kansalu, ndipo fodya salowa naye ngakhale ali m'thumba. Ku kachisi wa Ahindu nsapato zimatsala panja ngati ku mzikiti, ndipo zifanizo za milungu yawo sakhudza.

Kubwereka chovala cha eni ake kuti mujambulitse. Yunifolomu ya Mvano kapena ya Dorika munthu amachita kuvekedwa, si chitenje wamba. Mkanjo ndi kofia mukapatsidwa ndi mwini malo valani, koma musapite nazo nokha kuti muoneke ngati Msilamu.

Kusiya foni ikunjenjemera m'malo moizimitsa. Pa simenti kapena pa benchi lathabwa imamveka chipinda chonse, ndipo nyimbo ya kwaya ikalira pakati pa khutuba simudzaiwala.

Kubwera gulu lalikulu osachenjeza. Achinyamata makumi atatu otsika m'basi nthawi imodzi amadzaza kamzikiti ka pamudzi. Gawikanani asanuasanu, ndipo mtsogoleri ayendere kavalidwe ka aliyense basi isanaime. Ndimanyamula zitenje zitatu zapadera, ndipo sizinabwererepo zosagwira ntchito.

Kulekerera ana. Mkeka waukulu wopanda mabenchi umawaitana kuthamanga, ndipo mwana wodutsa kutsogolo kwa mizere amasokoneza anthu ambiri nthawi imodzi. Mwana wamng'ono akhale pamiyendo panu pafupi ndi khomo, akayamba kulira mutuluke naye.

Kupatsa shehe, abusa kapena amfumu ndalama m'manja pagulu ngati mukulipira tikiti. Ku mzikiti ndi ku tchalitchi ikani m'bokosi kapena m'mbale. Kwa amfumu funsani munthu amene wakuperekezani, iye akudziwa mwambo wa pamudzipo ndipo ndiye amapereka m'malo mwanu.

Kuchoka osatsanzika. Mukavala nsapato, bwererani kwa amene anakulolani uja, ngakhale mudikire kuti amalize kulankhula ndi ena, mumuuze kuti, "Taona, zikomo kwambiri, tikupita." Ngati munalonjeza kutumiza zithunzi, tengani nambala ya foni pomwepo ndipo mukatumizedi sabata yomweyo.